KODI NDI MFUMU YA AROMA IMENE INASANDUTSA YEZU KUKHALA MULUNGU?

Lamulungu lililonse, wansembe akatha kulalika, akhristu a ku Kachebere, ku Guilleme, ku Ludzi ndi m'matchalitchi onse a m'midzi ya Mchinji amaimirira navomereza chikhulupiriro chawo. Azibambo Oyera atafika ku Kachebere m'chaka cha 1903, mawu amenewa ankamveka m'Chilatini. Lero amamveka m'chinenero cha eni dziko, ndipo ngakhale ana a sukulu amawadziwa pamtima. Koma si onse adziwa kumene anachokera. Chifukwa cha ichi mphunzitsi wa mpingo amasowa chonena munthu wina akamuimitsa pamsika namuuza kuti atumwi sankayesa Yezu Mulungu, koma mfumu ya Aroma dzina lake Konstantino ndiyo inalamula zimenezi m'chaka cha 325. Funsoli si lopusa ayi. Mfumuyo inaitanitsadi msonkhano, inakhalapo pamsonkhanopo, ndipo inalanga amene anakana. Tsono nkoyenera kuufotokoza mlanduwu kuyambira patsinde pake.

Mlandu unabuka mu Afirika

Mkangano sunayambire kunyumba ya mfumu. Unayambira mu Afirika momuno, mumzinda wa Alekisandiriya m'dziko la Ejipito, chapafupi ndi chaka cha 318. Kumeneko kunali wansembe wina wochokera ku Libiya, dzina lake Ariyo, munthu wophunzira ndi wodziwa kulalika, amene anthu ambiri ankamukonda.

Maganizo a Ariyo anali otere. Mulungu ndi mmodzi, ndipo Iye yekha ndiye wopanda chiyambi. Ngati Mwana anabadwa kwa Atate, ndiye kuti ali ndi chiyambi, pakuti bambo amayamba kukhalapo mwana asanabadwe. Motero, anatero Ariyo, Mwana sanalipo chikhalire. Atate anamulenga poyamba pa zonse, napanga zina zonse kudzera mwa Iye. Ndi wamkulu kupambana angelo, woyenera ulemu, koma ndi cholengedwa basi. Ariyo sankanena izi popanda Malembo. Ankatchula buku la Miyambo 8:22, pamene Nzeru ilankhula za chiyambi chake, ndiponso Yohane 14:28, pamene Ambuye anena za kukula kwa Atate.

Episkopi wake, Alekisandere, anaona kuti chiphunzitso chimenechi chikugwedeza mzati weniweni wa nyumba. Akhristu anali akupembedza Khristu kuyambira masiku a atumwi. Ankabatizidwa m'dzina la Atate ndi la Mwana ndi la Mzimu Woyera. Zaka zowerengeka chabe zinali zitapita chichokere mazunzo aakulu amene mfumu Diyokilesiyano anayambitsa mu 303, pamene ambiri analola kufa pokana kupembedza cholengedwa chilichonse. Tsono ngati Khristu ndi cholengedwa, kodi amaritiri aja sanafere fano lina? Alekisandere anasonkhanitsa aepiskopi a ku Ejipito ndi ku Libiya, ndipo iwo anachotsa Ariyo mumpingo. Koma Ariyo anapeza abwenzi kutsidya kwa nyanja, makamaka Euzebiyo, episkopi wa mzinda wa Nikomediya. Makalata anayamba kuyenda uku ndi uku, ndipo mipingo ya kuvuma inagawikana.

Chifukwa chimene mfumu inalowererapo

Anthu a kuno sangavutike kumva chimene chinakoka mfumu. Kale, mvula ikakana, mfumu ya dziko sinkakhala chete nkunena kuti za nsembe nza ansembe okha. Inkaitana akuluakulu kuti afufuze chimene chalakwika kukachisi, pakuti chilala sichisankha munda. Aroma nawonso ankaganiza chimodzimodzi. Kwa iwo mtendere wa dziko ndi kupambana pankhondo zinkadalira kupembedza koyenera, ndipo mfumu yawo inali ndi udindo wa mkulu wa ansembe onse a boma. Konstantino atayamba kukhulupirira Mulungu wa akhristu, sanataye maganizo amenewo. Ankaopa kuti Mulungu akakwiya ndi magawano a mumpingo, mkwiyowo udzagwera iye ndi ufumu wake.

Panalinso chifukwa cha chuma. Mu 313 Konstantino ndi mfumu inzake Likiniyo anagwirizana ku Milano kuti akhristu apembedze mwaufulu, ndi kuti abwezeredwe nyumba ndi malo amene analandidwa. Konstantino anayambanso kupereka ndalama kwa aepiskopi ndi kumasula ansembe ku ntchito zina za boma. Koma mumzinda mukakhala aepiskopi awiri, aliyense nkumati mnzakeyo ndi wonama, kodi boma lipereke tchalitchi kwa yani? Zimenezi zinachitikadi ku Karitago, kumpoto kwa Afirika, ndipo anthu a mbali ya Donato ndiwo anakadandaula okha kwa mfumu. Konstantino anatumiza mlanduwo kwa aepiskopi, poyamba ku Roma mu 313, kenaka ku Arele mu 314. Apa mpamene panayambira mwambo wakuti mfumu iziitanitsa aepiskopi.

Chifukwa chachitatu chinali umodzi wa dziko. Mu 324 Konstantino anagonjetsa Likiniyo nakhala mfumu yokhayo ya kuvuma ndi kuzambwe. Anayembekeza kuti Eklezia adzakhala luzi lomanga ufumu wonse pamodzi, koma anapeza luzilo likuduka. Choyamba analembera kalata Alekisandere ndi Ariyo, naituma ndi Hosiyo, episkopi wa ku Kodoba m'dziko la Sipeni. M'kalatamo anawadzudzula onse awiri, nanena kuti akukanganirana kanthu kakang'ono kosayenera kugawa abale. Kalata imeneyi ikuonetsa poyera kuti mfumu inalibe chiphunzitso chakechake chimene inkafuna kukakamiza. Inkafuna bata basi, ndipo sinamvetse nkomwe kukula kwa funsolo.

Pabwalo la ku Nikeya

Kalata itakanika, mfumu inaitana aepiskopi kuti akumane ku Nikeya, mzinda umene lero utchedwa Iziniki m'dziko la Teki. Boma linawapatsa zokwera ndi chakudya cha paulendo. Anafika pakati pa 250 ndi 300, ngakhale mwambo wa Eklezia umatchula 318. Ambiri anali a kuvuma. Papa Silivesita, pokhala wokalamba, anatuma ansembe awiri, Vito ndi Vinsenti. Ena mwa aepiskopiwo anali ndi zipsera za mazunzo m'thupi mwawo. Anthu amene anakana mfumu ina pamene inkawaopseza ndi lupanga sakadasintha Mulungu wawo chifukwa mfumu yatsopano yawakonzera phwando.

Pamsonkhanopo panalinso dikoni wachinyamata wa ku Alekisandiriya, dzina lake Atanaziyo, amene pambuyo pake analemba m'mene zokambirana zinayendera. Aepiskopi ankafuna kutsutsa Ariyo ndi mawu a m'Malembo okhaokha. Anayamba ndi kunena kuti Mwana ndi wochokera kwa Mulungu. A mbali ya Ariyo anavomera msanga, pakuti Paulo Woyera aphunzitsa kuti zinthu zonse nzochokera kwa Mulungu. Aepiskopi anayesanso kunena kuti Mwana ndi chifaniziro cha Atate. Iwo anavomeranso, poti munthu nayenso atchedwa chifaniziro cha Mulungu. Ananena kuti Mwana ndi mphamvu ya Mulungu. Apa, atero Atanaziyo, anthu aja anatsinzinirana maso nanong'onezana kuti m'buku la mneneri Yoweli ngakhale dzombe ndi mbozi zitchedwa mphamvu yaikulu ya Mulungu. Liwu lililonse linali ngati mpanda wokhala ndi chiboo: mbuzi inkalowabe m'munda.

Pamenepo aepiskopi anazindikira kuti mkangano suli pa mawu a Malembo, koma pa tanthauzo lake. Anasowa liwu limodzi limene munthu sangalivomere ndi pakamwa uku mumtima akusunga maganizo a Ariyo. Anatenga liwu la Chigiriki lakuti homousiyosi, ndiye kuti Mwana ali ndi umulungu umodzimodzi ndi Atate. Anaonjeza kuti Mwanayo ndi wobadwa, si wopangidwa ayi.

Kusiyana kwa kubala ndi kupanga ndiye mtima wa nkhani yonseyi, ndipo mphunzitsi angathe kukufotokoza ndi zinthu za pamudzi. Mmisiri akasema mtondo, mtondowo ndi ntchito ya manja ake. Ungakongole chotani, sudzakhala munthu, ndi mtengo. Koma mwana wa mmisiriyo ndi munthu monga bambo wake, osaperewera kanthu pa umunthu. Chopangidwa chimasiyana mtundu ndi wochipanga. Wobadwa amakhala wa mtundu umodzi ndi womubala. Malembo atcha Khristu Mwana, ndipo Mwana weniweni wa Mulungu sangakhale china koma Mulungu.

Komabe fanizoli lili ndi malire, ndipo ndi pamalire pomwepo pamene Ariyo anapunthwa. Bambo wa padziko amabadwa, nakula, nadzabala pambuyo pake, chifukwa iye ali pansi pa masiku ndi zaka. Mulungu alibe dzulo kapena mawa. Sanayambe wakhalapo wopanda Mwana ndi kudzasanduka Atate tsiku lina. Nchifukwa chake aphunzitsi akale ankaonjeza fanizo la kuwala. Dzuwa silikhala kanthawi lili lakuda kenaka nkuyamba kuwala. Pamene pali dzuwa, kuwala kulipo kale, chikhalirecho kuwalako kuchokera kudzuwa. Momwemonso Mwana achokera kwa Atate, koma sabwera pambuyo pa Atate. Kusiyana kwina nkwakuti mmisiri ndi mwana wake ndi anthu awiri okhala ndi moyo wosiyana, pamene Atate ndi Mwana ali ndi umulungu umodzi wosagawika; motero sipakhala milungu iwiri.

Euzebiyo wina, wa ku Kesareya, analembera anthu a kwawo kuti mfumu yomwe inalimbikitsa liwu lija. Zimenezi siziyenera kubisidwa. Koma Konstantino anali asanabatizidwe, sanali episkopi, ndipo amene anasaina chivomerezocho ndi aepiskopi. Onse anasaina kupatula awiri a ku Libiya, Tewonasi ndi Sekundo. Mfumu inapirikitsa awiriwo pamodzi ndi Ariyo, nilamula kuti mabuku ake atenthedwe. Msonkhano unakhazikitsanso malamulo 20 a kayendetsedwe ka Eklezia, nugwirizana kuti akhristu onse azichita Pasaka tsiku limodzi.

Mafumu atatembenuka

Amene amati mfumu ndiyo inapanga chiphunzitso ayenera kuwerenganso zimene zinatsatira. Sipanapite zaka zambiri Konstantino anabweza mtima. Euzebiyo wa ku Nikomediya, amene anali atapirikitsidwa, anabwerera pampando wake nakhala mlangizi wa mfumu. Atanaziyo, amene analowa uepiskopi wa Alekisandiriya mu 328, anakana kulandiranso Ariyo, ndipo kwa mfumu yofuna bata iye ndiye anaoneka ngati wosokoneza.

Adani ake anamuzenga mlandu ku Tiro mu 335. Mwa zina anamunamizira kuti anapha episkopi wina dzina lake Ariseniyo, namudula dzanja kuti achitire zamatsenga. Koma Ariseniyo anali atangobisala. Anapezeka, ndipo Atanaziyo anamuonetsa pabwalo ali moyo, manja onse awiri ali pomwepo. Atalephera apa, adaniwo anauza mfumu kuti Atanaziyo waopseza kuletsa zombo za tirigu zochokera ku Ejipito kupita ku Konstantinopo. Mlandu wa chakudya cha likulu ndiwo unakwiyitsa mfumu koposa mlandu uliwonse wa chiphunzitso, ndipo Atanaziyo anapirikitsidwira ku Tiriya, kutali kumpoto. Mu 337, Konstantino ali pafupi kufa, amene anamubatiza ndi Euzebiyo wa ku Nikomediya yemwe uja, bwenzi la Ariyo.

Mwana wake Konstansiyo anachita zoposa. Anafuna chivomerezo chopanda liwu la ku Nikeya. Mu 355 anapirikitsa Papa Liberiyo. Hosiyo, ali nkhalamba ya zaka pafupifupi zana, anakakamizidwa kusaina mawu osokeretsa mu 357. Mu 359 aepiskopi mazanamazana anasungidwa ku Rimini miyezi yambiri mpaka atavomera kunena chabe kuti Mwana afanana ndi Atate. Liwu lakuti afanana limaoneka lofatsa, koma chithunzi nachonso chifanana ndi mwini wake, chikhalirecho ndi pepala. Atanaziyo anapirikitsidwa kasanu ndi mafumu anayi, nakhala kunja kwa mzinda wake zaka pafupifupi 17, nthawi zina akubisala kwa amonke a m'chipululu cha Ejipito. Anamwalira mu 373 asanasinthe mawu ake.

Apa ndi pamene yankho la mphunzitsi ligona. Mphamvu ya mafumu ikadakhala yopanga chikhulupiriro, bwenzi akhristu a ku Mchinji lero akuvomereza mawu a ku Rimini, pakuti kwa zaka zambiri mafumu a kuvuma anali mbali imeneyo. Chiphunzitso cha ku Nikeya chinapulumuka chifukwa chinkagwirizana ndi zimene akhristu ankachita kale pobatiza ndi popemphera. Atanaziyo ankabwereza mfundo imodzi: cholengedwa sichingapatse zolengedwa zinzake moyo wa Mulungu. Munthu amene ali m'dzenje sangatulutsidwe ndi mnzake amene ali m'dzenje lomwelo. Ngati Khristu si Mulungu, ndiye kuti Mulungu anangotuma mthenga, ndipo anthu sanakumane nayebe.

Misonkhano itatu yotsatira

Mu 381 mfumu Teodoziyo anaitanitsa aepiskopi okwana 150 ku Konstantinopo. Iwo anatsimikizanso za ku Nikeya, naphunzitsa momveka kuti Mzimu Woyera nayenso apembedzedwa pamodzi ndi Atate ndi Mwana. Chivomerezo chachitali cha pa Misa chimatchedwa ndi maina a mizinda iwiriyi.

Funso la umulungu litatha, panabuka lina: nanga umulungu ndi umunthu zikhala bwanji mwa Khristu mmodzi? Nestoriyo, episkopi wa ku Konstantinopo, sanafune kuti Maria azitchedwa Amayi a Mulungu. Sirilo wa ku Alekisandiriya anayankha kuti mayi sabala mkhalidwe, amabala munthu. Ndipo amene Maria anabala ndi Mwana wa Mulungu yemweyo. Teodoziyo Wachiwiri, amene poyamba ankakondera Nestoriyo, anaitanitsa msonkhano ku Efeso mu 431, ndipo mapeto ake Nestoriyo ndiye anachotsedwa.

Ena pothawa kugawa Khristu pawiri anagwera mbali ina, naphunzitsa ngati umunthu wake unamezedwa ndi umulungu. Mu 451 mfumu Marisiyano ndi mfumukazi Pulikeriya anaitanitsa msonkhano ku Kalisedoni. Kumeneko kalata ya Papa Leo inawerengedwa nilandiridwa, ndipo aepiskopi anaphunzitsa kuti Khristu ndi mmodzi m'mikhalidwe iwiri, Mulungu weniweni ndi munthu weniweni, popanda kusakaniza kapena kulekanitsa. Ndi chiphunzitso chimenechi mavesi amene Ariyo ankadalira apeza malo ake. Yezu amene anatopa, namva ludzu, nalira pamanda a Lazaro, ndi yemweyo amene anadzutsa Lazaro kwa akufa. Pamene anena za kukula kwa Atate, Eklezia amamva kuti alankhula monga munthu amene anadzichepetsa. Pamene Tomasi amutcha Mulungu pa Yohane 20:28, Iye sakana.

Bala limene dzanja la boma linasiya

Sizingabisike kuti kulowerera kwa mafumu kunasiyanso mabala. Akhristu ambiri a ku Ejipito sanalandire mawu a ku Kalisedoni, poganiza kuti akusiya njira ya Sirilo. Mafumu anatumiza asilikali kuti akakhazikitse aepiskopi ovomereza, ndipo kukakamizako kunangoumitsa mitima. Mpingo wa Akoputi wa ku Ejipito ndi wa ku Itiyopiya anayenda paokha kuyambira nthawi zimenezo. Panapita zaka zoposa 1,500 mpaka mu 1973, pamene Papa Paulo Wachisanu ndi chimodzi ndi Shenuda Wachitatu, mtsogoleri wa Akoputi, anavomereza pamodzi ku Roma kuti Khristu ndi wangwiro mu umulungu ndi wangwiro mu umunthu. Chimene asilikali analephera, kukambirana kunayamba kuchikonza.

Anthu a m'malire muno ali ndi chikumbutso chawochawo. A Mboni za Yehova aphunzitsa kuti Mwana ndi woyamba kulengedwa, ndipo pamfundo imeneyi Eklezia atsutsana nawo monga anatsutsana ndi Ariyo. Mu 1967 boma la Malawi linaletsa mpingo wawo, pa zifukwa za ndale osati za chiphunzitso, ndipo mu 1972 zikwizikwi za iwo zinathawira ku Zambia, ku msasa wa Sinda Misale. Kuzunzika kwawo sikunatsimikize kuti akulakwa, monganso kupirikitsidwa kwa Atanaziyo sikunatsimikize kuti iye ankalakwa. Ndodo ya boma imatha kuthamangitsa munthu, koma singaweruze za umulungu wa Khristu. Msonkhano wachiwiri wa ku Vatikani, umene unaitanidwa ndi Papa Yohane wa 23 popanda mfumu iliyonse ya padziko, unaphunzitsa mu 1965 kuti munthu asakakamizidwe pa za chipembedzo.

Motero mphunzitsi wa mpingo akafunsidwanso pamsika, asakwiye ndipo asabise kanthu. Avomere kuti Konstantino anaitanitsa msonkhano, analipira ulendo, nalanga okana. Kenaka afunse modekha: nanga bwanji mfumu yomweyo inapirikitsa Atanaziyo, ndipo mwana wake anayesetsa kufafaniza mawu a ku Nikeya, koma mawuwo akadali m'kamwa mwa akhristu patapita zaka 1,700? Akatero atsegule Mthenga Wabwino wa Yohane, umene unalembedwa zaka zoposa mazana awiri msonkhano wa ku Nikeya usanachitike, ndipo awerenge pamodzi ndi mnzakeyo mutu woyamba.